Zidindo 120 m'kabuku, masheya 100 m'buku la mlembi

Tsiku logawana ndalama ku banki m'khonde limadziwika ndi zitenje. Amayi amavala yunifomu ya gulu, wina amabwera ndi ndowa ya thobwa, ndipo bokosi lachitsulo lija limaikidwa pakati pa mphasa, maloko ake atatu ali lende. Munthu amene wapirira chaka chonse akuponya K1,000 kapena K3,000 Lachinayi lililonse amafika atagawa kale ndalamayo m'mutu: feteleza wobereketsa, fizi ya mu Januwale, malata awiri otseka podontha. N'chifukwa chake cholembera chikaphonya mu Juni palibe amene amamva kuwawa. Ululu umadzabwera mu Disembala, ndalama zitalowa kale m'mipango ya eni ake.

Mlandu umene nditsate pano ndauumba kuchokera ku zimene zimachitika m'magulu ambiri, ndipo manambala ndawasankha dala kuti asavute kutsatira. Gulu lili ndi anthu 20. Sheya imodzi ndi K1,000, ndipo pamsonkhano munthu amagula kuyambira imodzi kulekeza asanu. Ngongole zonse zitabwezedwa, owerenga ndalama apeza K2,626,000, kupatula thumba la zadzidzidzi limene lili pakepake. Mlembi, pofuna kuti anthu asakhalitse padzuwa, anawonkhetsera masheya kunyumba dzulo lake kuchokera m'buku lalikulu, ndipo anapeza 2,000. Kugawa ndalamazo ndi masheyawo, sheya iliyonse yabala n'kufika pa K1,313. Nthungululu zimveka. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pasukulu, amene m'buku ali ndi masheya 100, alandira K131,300, amanga pansonga ya chitenje, atenganso kabuku kake popeza chaka chatha.

Madzulo mwana wawo wa Fomu 3 akhala pakhonde n'kumatsegula kabukuko mongocheza. Awerenga zidindo tsamba ndi tsamba, abwerezanso ndi chala. Zidindo zili 120.

Apa m'pamene magulu ambiri amasokonekera, chifukwa funso limene limayamba kutuluka pakamwa ndi lakuti ndani wadya. Mayi wa zitumbuwa amagona akuganiza za mlembi ndi nsapato zake zatsopano. Mlembi akamva mphekesera amati buku lalikulu ndiye mwini nkhani, kabuku n'kongothandizira. Ena amayamba kunong'onezana kuti kabukuko kanagona kunyumba usiku wonse, ndani akudziwa zimene zinachitika kumeneko. Zonsezi zimayankhulidwa munthu asanatsegule buku ngakhale tsamba limodzi.

Kasungidwe ka ndalama m'magulu otere kanayambira ku Niger mu 1991 pansi pa bungwe la CARE, ndipo anthu oyamba anali amayi akumudzi amene ambiri mwa iwo sankatha kuwerenga. Chidindo chinabwera chifukwa cha anthu otere. Gogo amene sadziwa kusiyanitsa 3 ndi 8 amatha kuwerenga madontho a inki ndi chala, ndipo amaona ndi maso ake chidindo chikutsika kasanu iye atapereka K5,000. Ntchito nazonso zinagawidwa dala kuti pasakhale munthu wogwira zonse: wapampando, mlembi, wosunga bokosi, owerenga ndalama awiri, ndi anthu atatu ena osunga makiyi. Pogawana, njira imene alangizi amaphunzitsa ndi yowerenga zidindo m'timabuku pamaso pa onse. Magulu ambiri kwathu kuno anawonjezera buku lalikulu, ena amati leja, ndipo si kulakwa. Koma mukakhala ndi zolembera ziwiri, tsiku lina zidzatsutsana, ndipo pa tsikulo simungangosankha chimene chakukomerani.

Mboni yachitatu ilipo, ndipo ndi imene sinama: ndalama yeniyeniyo. Funso loyamba lisakhale lakuti buku lolondola ndi liti. Likhale lakuti kodi K20,000 imeneyi inalowa m'bokosi kapena ayi. Yankho la funso limeneli ndi limene limanena amene abweze, ndiponso zingati. Njira zake ndi zitatu. Ndalama ikhoza kulowa n'kulembedwa padzina la wina. Ikhoza kulowa koma osalembedwa paliponse. Ikhozanso kudindidwa m'kabuku chonsecho m'bokosi sinafikemo.

Yoyambayo ndi yofala ndipo sivuta kuigwira. M'gulu la kumudzi anthu saitanana ndi mayina a pachitupa. Muli a Naphiri awiri, a Nabanda atatu, wina amangodziwika kuti make wa uje. Mlembi akamalemba mofulumira, buku lili pabondo, mphepo ikutembenuza tsamba, diso limatsetsereka mzere umodzi. Chizindikiro chake n'chakuti mukasonkhanitsa timabuku tonse 20 n'kuwerenga zidindo, zonse pamodzi zimakwana 2,000 ndendende monga m'buku, koma pali wina amene m'buku ali ndi masheya 20 oposa zidindo zake. Zikatero anthu 18 enawo nkhaniyi siikuwakhudza, ndipo mtengo wa sheya susintha. Amene analandira zosakhala zake abweza masheya 20 pamtengo umene anawalandirira, K26,260, osati K20,000 yokha, chifukwa phindu limatsata sheya monga mwanawankhuku atsata make. Chovuta apa si masamu. Chovuta n'chakuti munthuyo sanabe, anangolandira zimene anamuwerengera, ndipo mwina wagula kale feteleza. Ayenera kupatsidwa nthawi, osati kuchititsidwa manyazi.

M'gulu lathuli sizinali choncho. Atawaitanitsa anthu Lachinayi lotsatira, aliyense ndi kabuku kake, anthu 19 zidindo zawo zinafanana ndi buku. Zonse pamodzi zinakwana 2,020. Masheya 20 a mayi wa zitumbuwa sanapite kwa munthu, anangosowa m'buku. Poyerekeza masiku, zinaoneka kuti ndi misonkhano inayi yotsatizana ya mu Juni: m'kabuku muli zidindo zisanu tsiku lililonse, m'buku mzere wawo uli mbee.

Tsopano mudziwa bwanji kuti ndalamayo inalowa, papita miyezi isanu ndi umodzi? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Msonkhano uliwonse uli ndi masamu ake amene ayenera kutsekeka okha. Mutenga ndalama imene inatsala m'bokosi sabata yatha, muwonjezera za masheya a tsikulo, ngongole zobwezedwa ndi zindapusa. Zimene mwapezazo ziyenera kufanana ndi ngongole zimene zatuluka tsikulo kuphatikiza ndalama yotsala potseka bokosi. Titenge Lachinayi loyamba la mu Juni. M'bokosi munatsala K12,000. Masheya olembedwa m'buku ndi a K43,000. Obweza ngongole anabweretsa K60,000, ndipo ochedwa analipira K1,000. Zonse pamodzi ndi K116,000. Koma tsamba lomwelo likuti ngongole zimene zinaperekedwa ndi K110,000, ndipo potseka anawerenga K11,000. Kumeneko ndi K121,000. Bokosi linatulutsa ndi kusunga K5,000 imene buku silikudziwa kumene inachokera.

Bokosi silibereka lokha usiku. Atachita chimodzimodzi ndi masabata atatu enawo, sabata iliyonse inali ndi K5,000 yapamwamba. Umboni woposa pamenepo palibe, ndipo ubwino wake n'ngwakuti sufuna kuti wina alumbire kapena akumbukire chitenje chimene anavala tsikulo. Kabuku ndi bokosi zikugwirizana, buku ndiye latsalira.

Mmene zinachitikira n'zosadabwitsa kwa aliyense amene anakhalapo m'gulu. Mwezi umenewo mlembi anali kuchipatala kudikirira matenda a mayi ake. Anagwirizira ndi mtsikana wina wodziwa kulemba, amene poopa kudetsa buku la eni ake ankalemba papepala la m'kope. Sabata yoyamba analemba mayina kuchokera m'mutu ndipo anakwana 19. Masabata otsatira ankangokopera mndandanda womwewo. Zidindo zinkadindidwa bwinobwino, ndalama inkawerengedwa m'mbale n'kubwerekedwa nthawi yomweyo. Mlembi atabwerako anakopera mapepalawo m'buku mokhulupirika, cholakwika ndi chilichonse. Gulu likanakhala ndi chizolowezi chotseka masamu a tsiku asanatseke maloko, K5,000 yoyamba ija ikanaoneka dzuwa lisanalowe. Ambiri sachita zimenezi chifukwa ndalama ikapezeka yochuluka palibe amene amadandaula. Timafufuza ikaperewera basi. Komatu ndalama yapamwamba ndi chenjezo lofanana ndi yoperewera: ili ndi mwini wake amene sanalembedwe.

Atagwirizana kuti mayiyo ananena zoona, mkangano weniweni unayamba, wa kuchuluka kwa zoti alandire. Manambala atatu anaponyedwa pamphasa. Wosunga bokosi anati apatsidwe K20,000 yawo nkhani ithe. Mlamu wawo wa mayiyo, amene si wa m'gulu koma anabwera kudzaperekeza, anati gulu linagwiritsa ntchito ndalamayo miyezi isanu ndi umodzi, choncho libweze ngati ngongole, ndi chiwongoladzanja chimene limalipiritsa anthu ake, K10 pa K100 iliyonse pamwezi. Ndiye kuti K32,000. Wina anati ayi, masheya 20 awachulukitse ndi K1,313 imene aliyense analandira.

Onse atatu anaphonya, aliyense mbali yake. K20,000 yokha ikumana mayiyo phindu limene ndalama yawo inathandiza kupanga, pamene anzawo onse analandira lawo. K32,000 ikuyesa mayiyo wobwereketsa gulu, chonsecho iwo ndi mwini gulu ngati ena onse. Ndalama yawo sinabisidwe kuphika, inazungulira m'ngongole pamodzi ndi za anzawo, ndipo chiwongoladzanja chake chili kale mkati mwa K2,626,000 ija. Kuwapatsa china pamwamba n'kuwalipira kawiri. Ndiponso m'kagawidwe ka masheya, sheya yogulidwa mu Febuluwale ndi yogulidwa mu Novembala zimalandira mofanana. Ena amadandaula nalo lamulo limeneli, ndipo ali ndi mfundo, koma ngati ndi limene gulu linagwiritsa ntchito pa anthu 19, silingasinthe pa munthu mmodzi.

Nambala yachitatu ndi imene imanyenga anthu ozindikira, chifukwa imaoneka yachilungamo. Vuto lake n'lakuti K1,313 inali yolakwika kuyambira pachiyambi. Inapezeka pogawa ndalama ndi masheya 2,000, pamene masheya enieni anali 2,020. Nsima ndi yomweyo, koma akudya achuluka, ndiye mtanda uyenera kuchepa. Mukagawa K2,626,000 ndi 2,020 mupeza K1,300. Umenewu ndiye mtengo woona wa sheya chaka chimenecho, ndipo njira yokonzera cholakwika chotere ndi imodzi: kubwerera pa tsiku logawana, kuwerengera ngati kuti buku linali lolondola, kenako kuona kusiyana kwa zimene munthu aliyense analandira ndi zimene anayenera kulandira.

Mayi wa zitumbuwa anayenera kulandira masheya 120 pa K1,300, imene ndi K156,000. Analandira K131,300. Yotsala ndi K24,700. Wina adzafunsa kuti bwanji si K26,000, popeza masheya 20 pa K1,300 ndi K26,000. Chifukwa chake n'chakuti mayiwonso anapindula nacho cholakwikacho pang'ono: pa masheya awo 100 amene analembedwa, analandira K13 yapamwamba pa iliyonse, K1,300 yonse pamodzi. Imeneyo ili kale m'manja mwawo. Zimamveka zowawa kuuza munthu wolakwiridwa kuti nayenso ali ndi kochotsera, koma mukadumpha pamenepa masamu satsekeka, ndipo pamapezeka wina wolipira ndalama imene sanalandire.

Nanga K24,700 ichokera kuti? Apa m'pamene ndimaona magulu abwino akuchita chinthu choipa ndi mtima wabwino. Wapampando, pofuna mtendere, amati: "Amayi, tonse ndife amodzi, tiyeni tingosonkha mofanana." Anthu 19 kugawana K24,700, aliyense K1,300. Zimamveka bwino, zimatha msanga, ndipo anthu amaomba m'manja. Koma taonani gogo amene chaka chonse anakwanitsa masheya 40 okha, kuchokera m'masamba a mpiru. Cholakwikacho chinawaonjezera K13 kuchulukitsa ndi 40, K520 basi. Pamene mayi wa golosale, wa masheya 200, anaonjezeredwa K2,600. Kusonkha mofanana kukutanthauza kuti gogo atulutse K780 ya m'thumba mwawo, ndipo wa golosale asunge K1,300 yosakhala yake. Wosauka walipirira wolemera, onse akumwetulira.

Ndalama inatuluka m'bokosi motsata masheya, iyenera kubwerera motsata masheya. Aliyense abweze K13 pa sheya iliyonse imene analandirira. Anthu 19 aja ali ndi masheya 1,900, ndipo 1,900 kuchulukitsa ndi K13 ndi K24,700 ndendende. Kufanana kumeneku ndi kumene kumakutsimikizirani kuti simunaphonye: zobwezedwa ndi zoperewera ziyenera kukumana popanda kwacha yotsala. Zikapanda kukumana, pali cholakwika china chimene simunachipeze, ndipo musatolere ndalama kufikira mutachipeza. Pofotokozera anthu, mawu akuti kusonkha ndi bwino kuwapewa. Palibe amene akuthandiza mayi wa zitumbuwa ngati pamaliro. Aliyense akungobweza chenji chimene anapatsidwa mopitirira.

Pali magulu ena amene sagawa phindu motsata masheya okha, amene amabwezera munthu gawo la chiwongoladzanja chimene iye mwini analipira pa ngongole zake. Kumeneko manambala adzasiyana ndi awa, koma njira ndi yomweyo: konzani buku, werengeraninso kagawidwe konse ndi lamulo lanulo, ndipo yerekezani ndi zimene munthu aliyense ananyamula.

Mawu akuti alipire mlembi sachedwa kumveka, ndipo amakoma m'khutu chifukwa amapulumutsa matumba a anthu 18. Ine sindigwirizana nawo pa mlandu ngati uwu. Mlembi sanadye K24,700. Ndalamayo ili m'matumba a onse, iyenso ali ndi kagawo kake kolingana ndi masheya ake, ndipo abweza monga ena. Kumulipiritsa yonse n'kulola anthu kusunga zosakhala zawo pomulanga munthu amene amagwira ntchito yaulere. Ngati malamulo a gulu ali ndi chindapusa cha kulemba mosasamala, chiperekedwe monga chinalembedwera, osati chopekedwa tsiku lomwelo anthu atakwiya. Ndipo gulu lidzifunse kuti masabata anayi aja owerenga ndalama anali kuti, wapampando anali kuti, ndi chifukwa chiyani pogawana linalola manambala owonkhetsedwa kunyumba m'malo mowerenga zidindo pamphasa. Gulu limene limakhaulitsa mlembi pa cholakwika chosafuna limadzavutika posankha: chaka chamawa aliyense wodziwa kulemba amati maso akumuvuta.

Kutolera ndalamazo kumafuna nzeru zina. Sabata imodzi itapita chigawanireni, ndalama zambiri zimakhala zili m'munda. Amene angathe abweze pompo, ndipo aliyense akabweza asaine kapena adinde chala pamndandanda umene ukuonetsa masheya ake ndi ndalama yake. Otsalawo apatsidwe tsiku lodziwika, kawirikawiri msonkhano woyamba kapena wachiwiri wa chaka chatsopano, ndipo lamulo likhale lakuti munthu sagula sheya yatsopano asanabweze yakaleyo. Ndalamayi isasakanizidwe ndi masheya atsopano, iikidwe m'mbale yakeyake n'kuperekedwa kwa mwini wake pamaso pa onse. Njira yachidule yakuti tingowalembera mayiyo masheya aulere m'chaka chatsopano ndi msampha, chifukwa masheya opanda ndalama kumbuyo kwake adzadya phindu la anthu, kuphatikizapo olowa kumene amene za mu Juni sakuzidziwa n'komwe. Amene watuluka m'gulu amatsatiridwa kunyumba ndi anthu awiri, atanyamula mndandanda uja kuti aone yekha kuti anzake onse abweza.

Njira yachitatu ija ndiyo yowawa, ndipo masamu a tsiku ndi amenenso amaiulula. Tiyerekeze kuti masabata anayi aja akanatsekeka bwinobwino popanda K5,000 yapamwamba. Ndiye kuti zidindo zilipo koma ndalama sinafike m'bokosi, ndipo kuuza anthu 19 kuti abweze K13 kukanakhala kuwalanda. Zotere zimachitika m'njira zodziwika. Munthu amati: "Dindirenitu asisi, ndibweretsa madzulo ndikagulitsa," ndipo madzulowo safika. Zikatero zidindozo zimafafanizidwa, palibe wobweza kanthu. Kapena munthu amapatsira ndalama mmodzi wa akomiti panjira, kuchigayo kapena kutchalitchi, kuti akamuponyere. Masiku ano zambiri zimadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba: membala ali ku tauni, watumiza pafoni ya msungichuma Lachiwiri, msungichuma waitapa n'kugulira ndiwo poganiza kuti abweza Lachinayi, kenako waiwala. Ubwino wa foni n'ngwakuti uthenga umatsala, wokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala yolandira. Ukapezeka, mlandu suli wa gulu lonse. Amene analandira ndiye abweze, ndipo abweze masheyawo pamtengo wa tsiku logawana, popeza ndi iye amene anawatsekereza kubala.

Kunena n'kosavuta. Kumudzi wolandirayo akhoza kukhala mkazi wa mfumu kapena mayi wamkulu wa kumpingo, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apa m'pamene pamafunika munthu wakunja wodziwa mabuku, monga mlangizi amene anaphunzitsa gululo, kuti manambala ayankhule m'malo mwa anthu amene mawa adzakumana pachitsime. Kwa mfumu kapena kupolisi ndi kwa munthu amene umboni wamugwira koma akukana kubweza. Kuthamangirako buku lisanafufuzidwe kumangobala chidani, ndipo nawonso akafunsa buku lomwelo.

Nthawi zina ndalama imaperewera ndipo mwini cholakwa sapezeka ngakhale mutafufuza motani: mapepala anatayika, masamu a tsiku sankalembedwa, aliyense akulumbira. Zikafika apo, ngati malamulo a gulu sananene china, kutayako ndi kwa gulu, ndipo kumagawidwa monga mmene phindu limagawidwira, motsata masheya. Mtengo wa sheya umatsika kwa onse. Chimene ndimakana ndi kutsekera dzenjelo ndi thumba la zadzidzidzi. Thumba limenelo aliyense amaponyamo mofanana, wa masheya 40 ndi wa 200, ndipo ntchito yake ndi matenda, maliro, nyumba yakupsa. Kulitenga kukakonzera masheya ndi kusonkha mofanana kuja kutavala chitenje china, ndipo mudzakuzindikira mu Febuluwale, mwana wa membala atagonekedwa ndi malungo thumba lili pululu.

Kakonzedwe ka buku lenilenilo kali ndi mwambo wake, ndipo mlembi wamanyazi ndi amene amaulakwira. Safufuta ndi labala, sapaka utoto woyera uja, sang'amba tsamba, salembanso buku latsopano looneka bwino. Nambala yolakwika imadulidwa ndi mzere umodzi woti iziwerengekabe, yolondola imalembedwa pambali, ndi tsiku lokonzera. Pamene panasiyidwa mzere wonse ngati apa, amalemba mzere watsopano pa tsiku la lero wonena kuti masheya 20 a masiku akutiakuti a mu Juni sanalembedwe, ndipo umboni wake ndi kabuku ndi ndalama yapamwamba ya masiku amenewo. Asaina mlembi, wapampando ndi mwini masheya, kenako ziwerengedwa mokweza. Tsamba lokhala ndi zodulidwa zosainidwa limateteza mlembi kuposa tsamba loyera, chifukwa lofufutidwa limasiya funso limene palibe angaliyankhe chaka chamawa. M'timabuku namonso, munthu akagula masheya awiri, mabokosi atatu otsalawo amadulidwa nthawi yomweyo kuti pasadzalowe chidindo china, ndipo chidindo ndi timabuku zimagona m'bokosi lokhoma. N'chifukwa chake mphekesera ija yakuti kabuku kanagona kunyumba inalibe mphamvu: kabuku kanapita kunyumba, koma chidindo chinatsala kuseri kwa maloko atatu.

Pali kutaya kumodzi kumene K24,700 sikubweza. M'magulu ambiri munthu amakongola mpaka katatu ka zimene wasunga. Masheya 20 osowa m'buku anatsitsa malire a mayi wa zitumbuwa ndi K60,000 kuyambira mu Julayi. Mwina mu Seputembala, sukulu zitatsegulira, anapempha ngongole yogulira ufa ndi mafuta zambiri n'kuuzidwa kuti masheya awo sakulola, iwo n'kungoti zikomo, poganiza kuti buku likudziwa. Phindu limene akanapeza palibe angaliwerengere, ndipo gulu likayamba kulipira zimene zikanachitika silidzamaliza. Chimene lingathe ndi kuvomereza pamaso pa onse kuti mayiyo analakwiridwa kawiri, ndi kuwaika patsogolo pa mndandanda wa ngongole chaka chatsopano chikayamba.

Pa msonkhano woyamba wa mu Januwale mbale zinali zitatu m'malo mwa ziwiri: ya masheya, ya zadzidzidzi, ndi ina yaing'ono ya K13. Gogo wa mpiru anaponyamo K500 ndi K20 yopindapinda, nadinda chala. Wa golosale anawerenga K2,600 yake kawiri asanaisiye. Anthu awiri anapempha sabata ina, ndipo zinalembedwa. Asanatseke, wapampando anauza owerenga ndalama kuti anene mokweza zolowa ndi zotuluka za tsikulo, mlembi akuwonkhetsa pambali. Zinasiyana ndi K200. Anakhalanso pansi amene anali atanyamuka kale, ndipo inapezeka pansi pa mbale ya zadzidzidzi, itamatirira ndi thobwa.